Mafunso asanu ndi awiri, uthenga umodzi

Banja limene agogo ake anachoka ku Dedza kapena ku Mangochi kudzagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo, lero linamwazikana. Ena ali ku Nkulumane, ku Sizinda ndi ku Tshabalala, ena anatsala kumudzi, ena ali ku Joni. Chimene chimawasonkhanitsa ndi gulu la pa WhatsApp, ndipo gululo limatentha kwambiri kukagwa zovuta kapena kukamayandikira mwambo wa chiliza. Kuno ku Zimbabwe mabanja ambiri amakonda kuchita mwambowu mu Ogasiti, pa tchuthi cha Heroes, chifukwa ndi pamene apantchito amapeza masiku oyendera.

Tiyerekeze banja lotere. Agogo anagona ku manda a Luveve, ndipo chaka chino abale agwirizana zowaikira mwala. Kuyambira m'mawa mafunso akungogwa pagulu. Malume ali ku Dedza akufunsa tsiku. Achemwali a ku Joni akufunsa kuti nyumba iliyonse isonkhe zingati, ndipo atumize bwanji. Azakhali akufuna kudziwa kokagona, wina akufunsa ngati madzi adzakhalepo, wina za basi. M'bale wina wa ku Nketa waponyamo lakelake: chitupa chake chinalembedwa kuti ndi mlendo, kodi malume akabwera angamuthandize kukonza? Onsewa akuyang'ana kwa munthu mmodzi, mdzukulu wamkazi amene amasunga nyumba ya banja ku Nkulumane 12.

Iye amadikira usiku, ana atagona, n'kuyankha zonse mu uthenga umodzi. Amayamba ndi moni, kenako akufotokoza kuti anapita kwa osema miyala, kuti mtengo unakwera, kuti abusa ali ndi ukwati Loweruka loyamba, kuti chifukwa cha chimenecho tsiku lasuntha, kuti madzi amavuta koma aneba ali ndi thanki. Palibe bodza ngakhale limodzi, ndipo palibe funso limene walisiya. Koma kutacha, achemwali a ku Joni alemba kuti, "Ndiye mwati zingati?" Masana malume aimba foni kufunsa tsiku. Mdzukuluyo mtima umamuwawa, amaona ngati abale ndi aulesi powerenga.

Ine sindiwaona ngati aulesi. Vuto lili pa momwe uthenga wotere umawerengedwera. Wolemba anaulemba kuchokera pamwamba mpaka pansi, motsatira momwe zinthu zinamuchitikira. Wowerenga sabwera choncho. Amabwera ndi funso lake limodzi m'mutu, ali mu kombi kapena pa nthawi yopuma kuntchito, pa kafoni kamene kamaonetsa mizere yochepa, ndipo uthenga ukatalika WhatsApp imaudula n'kuika mawu akuti Read more. Maso ake sawerenga, amasaka. Zimenezi si za abale athu okha. Mu 1997 Jakob Nielsen ndi John Morkes anayesa momwe anthu amawerengera pa kompyuta, ndipo anapeza kuti anthu 79 pa 100 alionse ankangoyendetsa maso kufuna chimene akufuna, pamene 16 okha ndi amene ankawerenga liwu ndi liwu.

Palinso china chimene olemba ambiri saganizira. Uthenga wa chiliza suwerengedwa kamodzi. Tsiku loyamba munthu akhoza kuuwerenga wonse. Koma adzabwereranso pakutha pa mwezi, ali pamzere wa Mukuru, akufuna nambala imodzi yokha. Adzabwereranso ali pa boda ya Nyamapanda, batire ikutha, akufuna kudziwa amene adzamuchingamire. Wowerenga wobwererayu ndi amene timitu timamulembera.

Nayu uthenga womwewo utakonzedwa. Ndaulemba monga momwe umatayipidwira pafoni, ndi tinyenyezi take, ndipo ndalamazo ndi zongoyerekeza.

```
Malume, azakhali ndi abale nonse, tadzuka bwino kuno.
Pepani ndachedwa. Ndayankha mafunso 7, lililonse pamutu pake.

*1. TSIKU*
Loweruka pa 8 Ogasiti, 9 koloko m'mawa, ku manda a Luveve.

*2. NDALAMA*
Nyumba iliyonse $120, isanafike 15 Julaye.
Mwala $450, chakudya $300, basi ya kumanda $90.
Zonse $840, nyumba zilipo 7.

*3. KATUMIZIDWE*
A ku Joni ndi ku Malawi: Mukuru, m'dzina langa.
A kuno: EcoCash kapena pamanja.

*4. ULENDO WA OCHOKERA KU MALAWI*
Mufike Lachinayi pa 6. Mukanyamuka ku Harare mundiimbire.
```

Pansi pake pamatsatira za kogona, za madzi ndi za chitupa. Mawu ake ndi ochepa kuposa a uthenga woyamba uja, komabe chimene chasintha kwambiri si kutalika. Chasintha n'chakuti achemwali a ku Joni angathe kudumpha zonse n'kukatera pa nambala 2 osawerenga za abusa.

Ntchito yaikulu ili pa kusankha mawu a kamutuko, ndipo apa ndi pamene anthu ophunzira amalakwitsa kuposa osaphunzira. Munthu wozolowera malipoti a kuofesi amalemba timitu monga "Mau oyamba", "Zofunika kudziwa", "Zina ndi zina". Timitu totere timaoneka taulemu koma sitithandiza wosaka, chifukwa palibe amene anafunsa za "zofunika kudziwa". Anafunsa za ndalama. Kamutu kabwino kamatenga liwu limene wofunsayo anagwiritsa ntchito, chifukwa liwu limenelo ndi limene lili m'mutu mwake pamene chala chikutsetsereka pafoni. Ngati azakhali anafunsa kuti "tikagona kuti", kamutu kakhale KOGONA, osati "Dongosolo la alendo". Kondakitala wa kombi saitanira kuti "kumadzulo kwa tauni", amaitanira kuti Nkulumane 12, Sekusile, dzina limene wokwera akulimvetsera.

Anthu a ku Bulawayo amalidziwa bwino vutoli kudzera m'zidziwitso za madzi. Khonsolo ya mzinda ikamagawa madzi mosinthana, ndipo mu 2020 zinafika poti mipopi inkauma maola 144 pa sabata, imatulutsa ndandanda imene imasonkhanitsa madera motsatira nkhokwe zimene zimawapatsa madzi, monga ya Criterion ndi ya Magwegwe. Kwa injiniya umenewo ndiye mgawo wolondola, pakuti madzi amayenda choncho. Koma mayi amene akufuna kudziwa tsiku lochapa sasaka dzina la nkhokwe, amasaka dzina la dera lake. N'chifukwa chake chidziwitsocho chikafika m'magulu a m'makomboni, pamapezeka wina wochidula n'kulemba pamwamba kuti NKULUMANE, pansi pake masiku ndi maola. Munthu ameneyo wagwira ntchito yeniyeni ya kamutu: wasandutsa mgawo wa wolemba kukhala mgawo wa wowerenga.

M'mabanja a kuno pali chinanso choganizira. Adzukulu ambiri obadwira ku Bulawayo amalankhula Chindebele, Chichewa amangochimva, kuwerenga n'kovuta. Malume a ku Dedza Chindebele sachidziwa. Choncho kamutu kakhale liwu lofala, lalifupi, limene onse amalizindikira ngakhale chiganizo chonse chitawapita: NDALAMA, BASI, MADZI, CHITUPA. Mawu ozama a pabwalo la milandu asungidwe pokambirana pamaso.

Pansi pa kamutu, mzere woyamba ukhale yankho lenilenilo. Zifukwa zibwere pambuyo. Ife timakonda kuyamba ndi chifukwa, kuti munthu asakhumudwe tisanamuuze mtengo: mwala unakwera, osema akuti simenti yavuta, tinayesa kunenerera, ndiye pamapeto pake $120. Pokambirana pakhonde njira imeneyi ndi yabwino, imafewetsa mtima. Koma mu uthenga wosakidwa imabisa nambala pansi pa ndime, ndipo diso lothamanga limatola nambala yoyamba imene laiona. Wina adzaona $450 ya mwala n'kukomoka, wina adzaona $90 ya basi n'kutumiza imeneyo. Mu chitsanzo chija $120 ili payokha pamzere woyamba, ndipo kuphwanya kwake kuli pansi kwa amene akufuna kutsimikiza kuti 840 kugawa kwa 7 ndi 120.

Manambala a timitu ali ndi ntchito yawoyawo. Amalola munthu kuloza popanda kubwereza nkhani. Malume angayankhe kuti, "Mdzukulu, nambala 4 yo sitingathe, Lachinayi tidzakhala tili ku Tete," ndipo aliyense adziwa chimene chikukambidwa. Amene amapita kutchalitchi luso limeneli analizolowera kalekale. Mabuku a m'Baibulo sanalembedwe ndi machaputala. Machaputala amene timagwiritsa ntchito anagawidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ntchito imene ambiri amati inachitidwa ndi Stephen Langton, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika Robert Estienne mu 1551. Mawu sanasinthe, koma kuyambira pamenepo mlaliki amangotchula manambala awiri, mpingo wonse n'kutsegula malo amodzi. Mzere wa pamwamba uja wakuti "ndayankha mafunso 7" nawonso si wokongoletsa. Umauza amene uthenga wamudukira pa nambala 4 kuti pansipo pali zina zitatu.

Kodi timitu titsatane bwanji? Ena amati motsatira momwe mafunso anabwerera, ena amati motsatira ukulu wa ofunsa, malume poyamba. Ine ndimati choyamba chikhale chimene chikukhudza aliyense ndiponso chimene zina zonse zatsamirapo. Pa chiliza chimenecho ndi tsiku, kenako ndalama. Funso la munthu mmodzi lipite kumapeto, ngakhale linabwera loyamba, chifukwa mwini wake adzalisaka ndithu, pamene enawo sayenera kulidumpha kuti apeze zawo. Ulemu wa malume uli m'moni ndi m'mawu owatchulira, sikuti uli pa nambala ya funso lawo.

Tsopano kuipa kwake, pakuti njirayi ili ndi msampha umene wolemba ndime imodzi sagwamo. Ukagawa uthenga, wapatsa anthu chilolezo chowerenga gawo limodzi lokha. Ndiye ngati yankho la gawo lina latsamira pa gawo lina, wowerenga sadzaona chingwecho. Tinene kuti osema miyala anati ayamba ntchito akalandira theka la ndalama, ndipo amafuna masabata atatu. Ndiye kuti tsiku la 8 Ogasiti lidzatheka pokhapokha ndalama zitafika pofika pakati pa Julaye. Mu uthenga wosagawa uja mfundoyi inali m'chiganizo chimodzi. Mu wogawawu, malume awerenga TSIKU, agula tikiti, pamene a ku Joni awerenga NDALAMA n'kuganiza kuti kuchedwa sabata imodzi si kanthu. Mankhwala ake ndi kubwereza, chinthu chimene aphunzitsi a chimangirizo ankatiletsa. Pansi pa TSIKU palembedwe kuti, "Tsikuli lidalira ndalama, onani nambala 2. Musagule tikiti ndisanatsimikize pa 16 Julaye." Pansi pa NDALAMA palembedwenso kuti, "Zikachedwa, tsiku lisuntha." Gawo lililonse liyenera kuima palokha, chifukwa wina adzalikopera lokha n'kulitumiza kwa m'bale amene sali pagulu.

Funso la chitupa lija likuonetsa malire ena. Nkhani yake ndi yaitali ndipo ndi yowawa kwa mabanja ambiri a kuno. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ochuluka obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka akuwerengedwa ngati alendo, ndipo zitupa zawo zinali ndi liwu lakuti ALIEN. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zimenezi pa gawo 43: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye amakhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Koma chitupa sichisintha chokha, mwini wake ayenera kupita ku ofesi ya kaundula ndi mapepala ake. Zonsezi sizingakwane pakati pa MADZI ndi moni wotsanzika, ndipo m'baleyo mwina sakufuna kuti gulu lonse lizikambirana za chikalata chake chobadwira. Komabe kamutuko kasachotsedwe. Kakhalepo, ndi mzere umodzi: "CHITUPA: achimwene, zimenezi n'zotheka, ndikulemberani panokha mawa." Mukangolisiya funsolo, mwini wake adzawerenga uthenga wonse kawiri kulifunafuna, kenako adzaganiza kuti mwamunyoza. Chimodzimodzi funso limene yankho lake silinapezeke: kamutu kakhalepo, pansi pake "sindinamve, ndifunsa abusa Lamlungu".

Kamutu kamathandizanso kumvetsa, osati kupeza kokha. Mu 1972 akatswiri awiri a za maganizo, John Bransford ndi Marcia Johnson, anawerengera anthu ndime yofotokoza ntchito ina popanda kuitchula dzina: kusanja zinthu m'magulu, kusachita zambiri nthawi imodzi, kubwezera chilichonse pamalo pake. Amene anauzidwa pasadakhale kuti nkhaniyo ndi ya kuchapa zovala anaimvetsa ndi kukumbukira zambiri. Amene anauzidwa atamva kale sanapindule kwenikweni. Phunziro lake kwa wolemba uthenga n'lakuti dzina la nkhani libwere patsogolo. Chiganizo chakuti "mubweretse zanu ziwiriziwiri, kuno n'zochepa" n'chosamveka mpaka munthu atadziwa kuti tili pa KOGONA ndipo tikunena mabulangete, pakuti Ogasiti wa ku Bulawayo usiku kumazizirabe.

Pali amene amadana nayo njirayi, ndipo ali ndi mfundo. Amati uthenga wa timitu umamveka ngati kalata ya boma, ndipo mwana sangalembere malume ake ngati akulemba chidziwitso cha pa chipupa cha kiliniki. N'zoona kuti uthenga woyamba ndi "1. TSIKU" popanda moni ndi wamwano. Koma moni ndi timitu sizilimbana. Moni akhale pamwamba, wathunthu, wotchula akuluakulu monga mwa malo awo, ndipo m'kati mwa magawo mawu akhalebe a mwana wolankhula ndi makolo: "malume, tikupempha mufike Lachinayi". Chimene sichiyenera kulowa pansi pa kamutu ndi chisoni. Uthenga wouza abale kuti munthu watisiya usakhale ndi nambala. Upite wokha, m'mawu a pakamwa, makamaka pa foni kwa akuluakulu. Za bokosi, za galimoto ndi za chipepeso zitsatire mu uthenga wachiwiri, ndipo umenewo ndiye ugawidwe.

Sikuti yankho lililonse lifunika timitu. Mafunso awiri amayankhidwa ndi ndime ziwiri, basi. Ndiponso nkhani imene mfundo zake zikukokana, monga kufotokozera abale chifukwa chimene nyumba ya agogo isagulitsidwe, ikaduladulidwa imafa, chifukwa mphamvu yake ili pa "chifukwa chake" ndi "komabe" zimene zimalumikiza ndime. Imeneyo munthu aiwerenge yonse kapena asaiwerenge. Timitu ndi ta yankho losakanizika, la nkhani zosiyana zimene zakumana mu uthenga umodzi chifukwa choti wozidziwa ndi mmodzi. Poyambira pabwino ndi mafunso anayi kapena kuposa, ochokera kwa anthu osiyana. Ndipo timitu tikachuluka mpaka mzere uliwonse uli ndi kake, diso limasowanso potera.

Nanga bwanji osangotumiza mauthenga asanu ndi awiri, uliwonse ndi yankho lake? WhatsApp imalola kugwira funso la munthu n'kuliyankha pomwepo, ndipo pa tsiku lomwelo zimenezi zimayenda bwino. Koma pakapita sabata mayankhowo amakhala atakwiririka pakati pa zithunzi, mavesi a m'mawa ndi ma "ameni". Uthenga umodzi wogawidwa bwino munthu angauike chizindikiro cha nyenyezi, woyang'anira gulu angaukhomerere pamwamba, ndipo wosaka angalembe liwu lakuti ndalama m'bokosi losakira n'kuupeza.

Za katayipidwe n'zochepa. Kanyenyezi kagundane ndi liwu mbali zonse, pakuti mukasiya mpata pakati zilembo sizikuda. Pakati pa magawo pakhale mzere wopanda kanthu. Ndipo kamutu kalembedwe m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa uthengawo ukakoperedwa kupita pa kafoni ka mabatani ka azakhali akumudzi, kuda kwa zilembo kumatha, tinyenyezi timangotsala pamenepo, koma zilembo zikuluzikulu zimaonekabe. Kwa agogo amene sawerenga, uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi zitatu uli ndi vuto lomwe lija, ndipo ndi loposa, pakuti khutu silingadumphe. Ndi bwino kujambula timauthenga tatifupitifupi, kalikonse koyamba ndi dzina la nkhani: "Agogo, iyi ndi ya tsiku." Olengeza kutchalitchi amachita zomwezo akamati, "Tsopano za amayi a chigwirizano."

Musanatumize, werengani timitu tokha ndi mzere woyamba wa gawo lililonse. Ngati munthu wowerenga zokhazo angafike tsiku loyenera, ndi ndalama zoyenera, pa nyumba yoyenera, uthengawo wakhoza. Mukatumiza, chizindikiro chake ndi mafunso amene akubwera. Akabwera atsopano, monga akuti kodi ana nawonso akwera basi ya kumanda, ndiye kuti anthu apeza mayankho awo ndipo apita patsogolo. Likabwerera funso lakale, muyang'ane kamutu kake, nthawi zambiri mudzapeza kuti liwu limene munasankha si limene wofunsayo ankasaka.

Chovuta chomaliza chimabwera zinthu zikasintha, ndipo pa chiliza zimasintha ndithu. Nyumba imodzi yalephera kusonkha, ndiye $840 igawidwe kwa 6, aliyense $140. WhatsApp imalola kukonza uthenga kwa mphindi 15 zokha chitumizireni, choncho wakale uja utsalabe pagulu ndi $120 yake, wooneka bwino, wosavuta kupeza, ndiponso wabodza. Apa kusavuta kupezako kumasanduka vuto. Kulemba kamzere kakuti "pepani, ndi 140 tsopano" sikukwanira, chifukwa wosaka liwu lakuti ndalama adzatera pa wakale. Tumizaninso uthenga wonse, manambala a timitu akhale omwewo, pamwamba palembedwe kuti "Wokonzedwa pa 20 Julaye, wakale musautsate, chasintha ndi nambala 2 yokha", ndipo pa kamutuko muwonjezere liwu lakuti ZASINTHA. Wakale uja muuchotse pamene munaukhomerera, muikepo watsopanowu, ndipo amene anatumiza kale $120 muwalembere paokha kuti kwatsala $20.